Bokosi limodzi, chochitika chimodzi: kalembedwe ka komiki

[Pa sikirini: tsamba logawidwa mabokosi anayi opanda kanthu]

Muli bwanji nonse, kuno ku Joni ndi kumudzi komwe? Lero tilemba tsamba limodzi la komiki. Nkhani yake ambirife tikuidziwa: Yamikani watsika basi pa Park Station, amalume amene analonjeza kudzamuchingamira kulibe.

Ndikuyamba kumene ndinalemba chonchi: "Bokosi 1: Yamikani akutsika basi, akunyamula chikwama, kenako akuimba foni." Wondijambulira anangofunsa kuti, "Achimwene, ndijambule chiti pamenepa?" Ankanena zoona, chithunzi sichiyenda. Mukaona "kenako" m'bokosi, dziwani kuti mwapanikiza mabokosi awiri kapena atatu pamodzi.

[Mawu akulembedwa pa sikirini]

Bokosi 1. Tikuonera patali, m'bandakucha. Anthu unyinji, ovala majekete. Yamikani ali pakati, wamng'ono, malaya a manja aafupi, chikwama pamutu. Palibe mawu.

Malayawo ndawatchula dala. Wowerenga aona yekha kuti mnyamatayu sakuidziwa mphepo ya Juni ya kuno, ndiye sipafunika woti anene kuti ndi mlendo. Wojambula muuzeni amene alipo, pamene ali, chimene akuchita, ndiponso ngati tikuonera pafupi kapena patali. Mtundu wa nsapato musiyireni, ndi ntchito yake.

Bokosi 2. Pafupi kwambiri: foni m'dzanja, yazima.

Tsopano baluni ya m'bokosi 3, ndiye kuti chozungulira chija cholembamo mawu a wolankhula. Poyamba inali yotere: "Amalume anandiuza kuti adzandidikira pano koma sindikuwaona, ndiponso foni yanga yatha moto, ndiye sindikudziwa kuti nditani."

Mawu 16 okha. Olemba m'Chingerezi amakonda kunena kuti baluni isapitirire mawu 25, ndiye mungati tili bwino. Ayi ndithu. Taonani "adzandidikira": liwu limodzi, zilembo 13, pomwe Chingerezi chimafuna timawu tisanu. Mawu athu ndi ataliatali, ndipo kuwadula pakati m'baluni yozungulira kumanyansa. Ine ndimasiyira pa mawu 10 kapena 12. Mukakayika, jambulani bokosilo kukula kwake kwenikweni, mulembemo ndi dzanja. Baluni ikaphimba nkhope, yatalika.

Nanga tidule pati? Za foni taziona kale m'bokosi 2, zichoke. Kusowa mtengo wogwira kuoneka pankhope, nakonso kuchoke. Chatsala:

YAMIKANI: Amalume aja ali kuti?

Bokosi 4 muli awiri. Maso amayambira kumanzere, choncho woyamba kulankhula aime kumanzere, ndipo mulembe zimenezo m'sikiripiti. Mukapanda kutero michira ya mabaluni ipingasana, yankho n'kubwera funso lisanafunsidwe.

Bokosi 4. Kumanzere mayi wachikulire wovala chitenje, kumanja Yamikani watembenuka modzidzimuka.

MAYI: Iwe, si mwana wa Nabanda?
YAMIKANI: Mwandidziwa bwanji, amayi?

Yankho lake lisalowe pano. Liikeni kuseri, wowerenga atsegule tsamba.