Bowo la Theka Silichotsa Theka: Kuwerengera Kulemera kwa Shafiti

Takulandirani nonse! Lero tipeza kulemera kwa chitsulo chisanapite n'komwe pa makina. Zofunika ndi miyeso yake, densite yake ndi kakyuleta basi.

```
m = V × ρ
V = π × r² × L
```

Kulemera ndi voliyumu kuchulukitsa ndi densite. Densite ya chitsulo wamba ndi magalamu 7.85 pa sentimita kiyubiki imodzi, ya aluminiyamu ndi 2.7. Lembani, tikupitirira.

Shafiti yathu, yomwe ndi ndodo yachitsulo yozungulira, ndi iyi: dayamita mamilimita 40, kutalika mamilimita 200, ndipo pakati tiboola bowo la mamilimita 20 lotulukira mbali inayo.

Choyamba, sinthani miyeso yonse ikhale m'masentimita. Rediyasi, yomwe ndi theka la dayamita, ndi 2, kutalika 20. Mukasiya mamilimita n'kuchulukitsa ndi 7.85, kakyuleta ikuuzani kuti kachitsulo kogwirika m'manja aka kakulemera pafupifupi matani awiri.

Chachiwiri, voliyumu. Payi, yemwe ndi pafupifupi 3.1416, kuchulukitsa ndi 4, yemwe ndi rediyasi 2 kuchulukitsa ndi 2, kuchulukitsanso ndi 20, tikupeza 251.3. Chulukitsani ndi 7.85, akutuluka magalamu 1,973.

Chachitatu ndi bowo, ndipo apa khalani pansi, chifukwa nkhani iyi imandiwawa. Anthu ambiri, ena amisiri enieni, amati: “Bowo ndi theka la dayamita, ndiye kulemera kwatsika ndi theka.” Ayi abale anga, si choncho! Yang'anani kumaso kwa shafitiyi. Kabwalo kam'katika n'kakang'ono, chitsulo chambiri chili kunja kuno, kumphepete. Rediyasi timaichulukitsa ndi iyo yomwe, choncho theka kuchulukitsa ndi theka likutipatsa kota. Tiwerenge pamodzi. Rediyasi ya bowo ndi 1, voliyumu yake 62.8, chitsulo chotuluka ngati zinyenyeswa ndi magalamu 493. Chotsani pa 1,973, akutsala 1,480. Mukanatsatira za theka zija mukanalemba 986, n'kuphonya ndi pafupifupi theka la kilo pa shafiti imodzi yokha. Nanga kasitomala akafuna 100? Kuti muchotsedi theka, bowo liyenera kufika mamilimita 28 ndi pang'ono. Chimodzimodzinso mukagula chitsulo chonenepa kuwirikiza kawiri, kulemera kumawirikiza kanayi, ndipo thumba lanu lidzamva.

Amene mwagwirapo kanthu apa, dinani sabusikiraibu. Vidiyo ikubwerayi tidzawerengera mapuleti ndi mapaipi.

Chachinayi, ikani pa sikelo mukamaliza kusema. Kusiyana kwa magalamu ochepa n'kwabwinobwino, poti m'mphepete mumasemedwa pang'ono. Yankho lanu likaposa sikelo kanayi, mwaika dayamita m'malo mwa rediyasi. Sikelo ikawerenga cha m'ma 509, masamu anu ali bwino, koma chomwe mwasemacho ndi aluminiyamu. Gundanitsani ndi maginito muone, poti aluminiyamu sagwira maginito.