Alamu, bajeti yopanda manambala sindingaione

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Mtendere? Uthenga wanu ndaumva, ndaumva kawiri. Mwati ndikuonereni bajeti ya pakhomo ngati ili bwino, chifukwa ndalama zikumatha mwezi usanathe. Ndiye ndafufuza m'foni, mwina munatumiza chithunzi cha kope, palibe. Mwangonena kuti lendi mumalipira, unga mumagula, ana amapita kusukulu, achimwene amalandira pakutha kwa mwezi. Zonsezo n'zoona, koma mulibe nambala ngakhale imodzi. Zili ngati kupita kwa telala kuti akusokereni diresi koma osalola kuti akuyeseni. Ine nditati "ili bwino" ndingakunamizeni, nditatinso "chepetsani ndiwo" ndingakulakwireni, chifukwa mwina pa ndiwopo mwachepetsa kale mpaka ana akudandaula.

Wina anena kuti, aa, si a bungwe la JCTR amatulutsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu muno mu Lusaka, bwanji osangoona pamenepo? Inde amatulutsa, ndipo zimathandiza kudziwa kumene mitengo ikulowera. Koma imeneyo si nyumba yanu. Sadziwa kuti mita ya magetsi mumagawana ndi makomo atatu, sadziwa za ngongole yanu.

Ndiye tengani kope ndi cholembera. Tiyambe ndi zolowa. Apa, apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amasokonezera pomwepa, ndipo pakalakwika apa zina zonse zam'munsi zimalakwika.

Malipiro a achimwene. Musandiuze ndalama imene anagwirizana ndi abwana polowa ntchito. Ndikufuna imene imafika m'manja. Pa peyisilipi pamakhala manambala awiri akuluakulu, ina pamwamba, ina pansi penipeni. Yapansiyo ndiye yathu. Tiyerekeze, ndikungoyerekeza, si kuti ndikudziwa zimene amalandira, tiyerekeze kuti pamwamba palembedwa K5,000. A NAPSA amachotsa 5 pa 100 iliyonse, ndiye K250 yapita. A NHIMA amachotsa 1 pa 100, K50. Msonkho wa PAYE pa ndalama imeneyi mwina palibe, chifukwa mu 2024 unkayambira pamwamba pa K5,100 pamwezi. Ndiye yatsala K4,700. Koma ngati anatenga ngongole imene amadula kuntchito konko, tinene K600 mwezi uliwonse, yofika panyumba ndi K4,100. Mwaona? Munthu amati "ndimalandira 5,000", koma imene angagulire unga ndi 4,100. K900 yonse kulibe. Ndipo ngongoleyo mundiuze kuti itha mwezi uti, chifukwa yotsala miyezi 2 ndi yotsala miyezi 20 malangizo ake ndi osiyana.

Tsopano za kantemba kanu. Ayi, dikirani, ndibwereze kaye: nambala yapansi, osati yapamwamba. Chabwino. Za kantemba. Apa ndiye pamene pamagwa anthu ochenjera omwe. Ndalama imene mwagulitsa si ndalama yanu. Ndinenenso, imene ili m'kachikwama madzulo si phindu. Tinene pa sabata mwagulitsa tomato, anyezi ndi repu za K900. Koma Lolemba munakaoda ku Soweto za K650, basi ndi wonyamula katundu K50. Chanu ndi K200. Pamwezi pafupifupi K800. Mukandilembera kuti "ndimapanga 3,600 pamwezi", ine ndiwerenga kuti pakhomo pali ndalama zambiri, ndikuuzani kuti yambani kusunga, pamene mukudya mpamba osadziwa. Ndiye mulembe zitatu: zogulitsa, zoodera, ndi zoyendera. Ndipo tomato amene mumatapa pa tebulo kukaphikira kunyumba, ameneyonso muwerengere, mumuike ku ndiwo. Zoola n'kutaya muziikenso.

Kuli mayi wina kuno kwathu, sinditchula dzina, anauzidwa zimenezi pa gulu la chilimba, iye n'kumati ine ndimasunga m'mutu. Ankagulitsa vitumbuwa, zikuyenda ndithu, m'mawa uliwonse beseni limatha. Koma ndalama ya saladi ndi fulawa inkasakanikirana ndi ya ndiwo m'chitenje chimodzi. Patapita miyezi ingapo analibe yoodera, anakatenga kaloba kuti agule fulawa. Malonda anali abwinobwino, chimene chinalibe ndi kope. Basi, tibwerere.

Ngati malonda amasinthasintha, musandipatse mwezi umene zinayenda bwino. Mundipatse miyezi 3 yapitayi, uliwonse payokha, ndipo tidzamangira pa wochepetsetsawo. Maganyu a achimwene a Loweruka chimodzimodzi, mulembe padera, chifukwa sitingalonjeze lendi pa ndalama imene mwina ibwera mwina ayi. Ndalama ya chilimba mukalandira, imeneyo si malipiro, ndi yanu yomwe munkaponya ija yabwerera.

Ndiye mu chitsanzo chathu zolowa ndi 4,100 kuphatikiza 800, K4,900.

Zotuluka tsopano. Zikuluzikulu mukuzidziwa kale, sindichedwapo: lendi tinene K1,500, mayunitsi a ZESCO K250, madzi K100, chilimba K300. Unga mundiuze matumba angati a makilo 25, mtengo wake, ndiponso ngati thumba limafika pakutha kwa mwezi kapena mumamalizira ndi pamela, chifukwa unga wa pamela ukauphatikiza umadula kuposa wa thumba. Tinene matumba 2, K600. Malasha K400. Sopo, shuga, saladi, mchere K350. Za pafoni K100.

Zimene zimabisala ndi zatsiku ndi tsiku. Munthu sanena kuti "ndimawononga 1,200 pa ndiwo", amati "ndiwo ndi ka K40 chabe". Ka K40 kameneko kuchulukitsa ndi masiku 30 ndi K1,200, kutsala pang'ono kufanana ndi lendi. Basi ya achimwene kupita m'tauni ndi kubwerera, tinene K30 patsiku, masiku 22 ogwira ntchito, K660. Ndiye mukamalemba, nambala iliyonse izikhala ndi nthawi yake pambali: patsiku, pasabata, kapena pamwezi. Mukangolemba "ndiwo 40, lendi 1,500", ine sindidziwa kuti 40 imeneyo ndi ya liti. Musachulukitse nokha ngati zikukuvutani, ingolembani "patsiku", zotsalazo ndichita ine.

Tikaphatikiza zonsezi zikukwana K5,460. Zolowa zija zinali K4,900. Ndiye mwezi uliwonse pakuperewera K560. Koma taonani, mukanandipatsa 5,000 ya pamwamba ija ndi 3,600 ya zogulitsa, zikanaoneka ngati mumalandira K8,600 ndipo mumatsala ndi zoposa 3,000. Nyumba yomweyomweyo, mwezi womwewo. N'chifukwa chake ndinakhalitsa pa zolowa paja.

Eya, ndatsala pang'ono kuiwala. Pali zina zosabwera mwezi uliwonse. Sukulu za boma kuyambira 2022 salipiritsa, koma yunifolomu, nsapato, makope, zimenezo n'zanu, ndipo zimagwa mu Januwale pamene m'thumba muli mbee chifukwa cha Khirisimasi. Ndalama ya feteleza yotumiza kumudzi ku Chipata mvula ikayandikira. Mundilembere ndalama yake ndi mwezi wake. Tikati za sukulu K1,200 pachaka, za kumudzi K1,200, kugawa ndi miyezi 12 ndi K200 pamwezi. Kuperewera kuja kwafika K760. Anthu amati "mwezi uno unali wa mavuto", chonsecho Januwale amabwera chaka chilichonse.

Mwina mukuti, alamu, ine manambala amenewo ndilibe, sindinalembepo. Palibe kanthu, musapeke. Nambala yopeka ndi yoipa kuposa malo opanda kanthu, chifukwa ine ndiikhulupirira. Yambani ndi zimene zili kale m'foni: mauthenga a Airtel Money kapena MTN amasonyeza tsiku ndi ndalama, ya mayunitsi, yotumiza kumudzi, ndi imene anakudulani potapa, imeneyonso ndi ndalama yotuluka. Zogula pamanja, lembani masiku 7 otsatizana, madzulo aliwonse musanagone, ngakhale machesi, ngakhale K5 ya mwana ya kusukulu. Sabata imodzi imatipatsa chithunzi, koma isakhale sabata yolandira yokha, chifukwa sabata imeneyo nyumba iliyonse imadya nkhuku. Pamene simukutsimikiza lembani kuti "pafupifupi", ine ndidziwa kuti apa tipondepo mosamala.

Njira yodziwira ngati mwasiya china ndi iyi. Mukaphatikiza n'kupeza kuti papepala pakutsala K500, koma m'manja mulibe, ndipo simunasunge paliponse, ndiye kuti pepalalo likunama, pali K500 imene ikutuluka osalembedwa. Kawirikawiri imakhala ngongole ya pa kantemba ka aneba, kaloba amene munthu akuchita naye manyazi, kapena ndalama ya m'thumba ya abambo. Pamenepo, alamu, mukhale pansi ndi achimwene, chifukwa bajeti ya munthu mmodzi m'nyumba ya anthu awiri siikwana. Za kaloba musandibisire. Mundiuze munatenga zingati, mubweza zingati, tsiku liti. Wina anabisa zimenezi, anthu n'kumuthandiza kukonza pepala lokongola, sabata yotsatira wa kaloba anabwera kudzanyamula wailesi ya kanema.

Masikunso, masiku. Tinene malipiro amalowa pa 28, lendi eni nyumba amaifuna pa 5, chilimba ndi pa 15. Nthawi zina ndalama zimakwana ndithu pamwezi wonse, koma zimasemphana masiku, ndiye mankhwala ake ndi kusuntha tsiku, osati kuchepetsa chakudya. Popanda masiku sindingasiyanitse matenda awiriwa.

Ndiye uthenga wanu ukhale chonchi. Poyamba, pakhomo muli anthu angati, akulu angati, ana angati, a sukulu angati. Kenako zolowa, yofika m'manja, ndi tsiku lake. Kenako zotuluka, chilichonse ndi ndalama yake ndi nthawi yake. Ngongole zonse. Za pachaka zija. Pomaliza funso lenileni, chifukwa "ili bwino?" si funso loti munthu angayankhe. Funsani kuti "tikufuna kusunga K300 pamwezi ya Januwale, tichotse pati?" kapena "kodi tingakwanitse nyumba ya K1,800?" Munenenso zimene simungazigwedeze, kaya ndi chakhumi, kaya ndi mankhwala a amayi, kuti ndisataye nthawi kukuuzani zoti simungachite.

Mulembe, musandiuze pa mawu ngati mmene ndikuchitira inemu, manambala a pa mawu amasochera. Jambulani kopelo pamalo owala. Peyisilipi mukajambula, phimbani nambala ya NRC ndi ya akaunti ndi kapepala, ine sindizifuna, ndipo nambala yachinsinsi ya pafoni musapatse munthu aliyense, ngakhale ine. Mutumize kwa ine ndekha, osati pa gulu. Yambani kulemba lero madzulo, Lachitatu likudzali masiku 7 akhala atakwana, mudzanditumizire.