Mauthenga 900 a pagulu la maliro: tinagwirizana chiyani, ndipo ndani sanamalize kupereka?

(Pasikirini: chala chikutsetsereka pa mauthenga a gulu la banja, osafika kumapeto)

Maliro atha, anthu abalalika, ndiye wina pagulu la WhatsApp walemba kuti, "Abale, tiuzeni mmene ndalama zayendera." Ntchitoyo yagwera inu. Mukatsegula gululo mukupeza mauthenga pafupifupi 900 a masiku asanu: mawu achipepeso, zithunzi, mavoyisi, mafunso a njira, ndipo ndalama zamwazikana pakati pa zonsezo. Lero tiyendera limodzi gulu limodzi lachitsanzo mpaka titulutse uthenga umodzi waufupi. Manambala ndangopeka kuti tiphunzirirepo, ndipo sinditchula mtundu wa ndalama, inu muikepo ya kwanu.

Tiyambe ndi kutulutsa machezawo mufoni, chifukwa kuwerenga mauthenga 900 ndi chala kumatopetsa ndipo mumadumpha zina osadziwa. Pa foni ya Android tsegulani gulu, dinani timadontho titatu pamwamba, kenako More, kenako Export chat, n'kusankha Without media. Mupeza fayilo ya mawu okhaokha, uthenga uliwonse uli ndi tsiku, nthawi ndi dzina la wolemba. Popanda zithunzi imatha kunyamula mauthenga mpaka 40,000, ndiye athu 900 akwana bwinobwino.

Koma fayiloyi ili ndi mabowo, ndipo mabowo ake ali pomwe pali nkhani. Paliponse pamene munthu anatumiza voyisi kapena chithunzi cha risiti, mungoona mawu akuti <Media omitted>. Tizithunzi ta chala chachikulu timene anthu amaika pa uthenga povomereza sitituluka. Komanso munthu akayankha uthenga wina wake, fayilo sionetsa kuti amayankha uti. Mungopeza "Ine ndavomera", osadziwa kuti wavomera za bokosi kapena za tsiku loika maliro. Choncho foni ikhale pambali panu. Fayilo ndi yofufuzira, foni ndi yotsimikizira. Ndipo mavoyisi a akuluakulu muwamvere onse, ngakhale aja a mphindi zisanu ndi ziwiri oyamba ndi moni wautali, chifukwa anthu amene mawu awo amamanga nkhani nthawi zambiri ndi omwe sakonda kulemba.

(Pasikirini: pepala logawidwa pawiri, mbali ina "Zomwe tinagwirizana", ina "Ndalama")

Tsopano zogwirizana. Apa cholakwika chachikulu ndi kutenga maganizo a munthu mmodzi n'kuwalemba ngati chigamulo cha banja. Pagulu lathu, Lolemba m'mawa a malume analemba kuti, "Bwanji mwana aliyense apereke 50,000?" Anthu awiri anati zili bwino, ena sanayankhe. Lachiwiri madzulo, mtengo wa zofunika utadziwika, achimwene aakulu anati 50,000 sikwana, ikhale 80,000. Ana onse anayi anavomera, a malume n'kutumiza voyisi yoti, "Basi, zikhale choncho." Chigamulo ndi ichi chachiwiri. Choyamba chija chinali ganizo chabe, ndipo chinafa Lachiwiri.

Ine ndimayesa ndi mafunso atatu. Ananena ndani? Omwe zikuwakhudza anavomera? Pali uthenga wina pambuyo pake wosintha zimenezi? Funso lachitatuli ndi limene limandichititsa kuwerenga nkhani iliyonse kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo. Fufuzani mawu oti "bokosi", muone malo onse amene akupezeka, muyambe ndi omaliza. Chitani chimodzimodzi ndi "galimoto", "tenti", "ndatumiza", "ndalandira", "ndipereka". Manambala muwafufuze m'njira zingapo, poti wina alemba 80,000, wina 80000, wina 80k. Chogwirizana chilichonse mulembe ndi tsiku lake, kuti wotsutsa akabwera mungomuuza kuti, onani Lachiwiri cha m'ma 7 madzulo. Nkhani imene inakambidwa koma osatsekedwa isalowe m'gulu la zogwirizana. Ikhale payokha, pansi pa mutu woti "Zomwe sitinamange".

Tibwere ku ndalama, komwe ndikufuna tikhalitseko. "Ndipereka", "ndatumiza" ndi "ndalandira" ndi mawu atatu osiyana. Liwu loyamba ndi lonjezo. Liwu lachiwiri ndi zonena za wotumiza. Liwu lachitatu lokha, lochokera kwa wosunga ndalama, ndi limene limatanthauza kuti ndalama yafika. Papepala panu munthu aliyense akhale ndi mzere wake: dzina, zimene analonjeza, zimene msungichuma watsimikiza, ndi zotsala. Ngati mukugwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets, lonjezo likhale mu B, zolandiridwa mu C, ndipo mu D mulembe izi:

```
=B2-C2
```

Pagulu lathu ana anayi analonjeza 80,000 aliyense, a malume 60,000, azakhali 40,000. Zonse pamodzi 420,000. Wosunga ndalama ndi achemwali, mwana wachiwiri, ndipo yawo 80,000 anaika kale.

(Pasikirini: mizere ikudzazidwa umodzi umodzi)

Mwana wachitatu anatumiza 50,000 Lolemba masana, n'kulemba kuti "Ine ndathana nazo." Sananame. Pa nthawiyo nambala imene inkamveka inali imeneyo. Lachiwiri anavomera nawo 80,000, koma yowonjezera sinabwere. Pamzere wake patsala 30,000, ndipo mwina iye mwini anaiwala.

Mwana womaliza anatumiza 80,000 n'kuika chithunzi cha risiti Lachitatu. Lachinayi wina atafunsa kuti ndani sanapereke, anaikanso chithunzi chomwecho. Mukawerenga mothamanga mulemba kawiri. Chodziwira ndi nambala ya risiti ija, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yolembedwa pa risitipo. Zikafanana, ndalamayo ndi imodzi, ngakhale chithunzi chioneke kasanu.

Za a malume ndiye zimasokoneza kwambiri. Analemba kuti "Ndatumiza 60,000", koma anatumiza kwa azakhali, osati kwa msungichuma. Mawa lake azakhali anatumiza 100,000 kwa msungichuma osafotokoza kanthu. Mu 100,000 imeneyo muli 60,000 ya a malume ndi 40,000 yawo. Chizindikiro chake n'chakuti munthu watumiza ndalama yoposa imene analonjeza, pamene wina akuti anatumiza koma msungichuma alibe uthenga wa dzina lake. Mukaona ziwirizi pamodzi, imbani foni musanalembe chilichonse.

Taonani tsopano chimene chimaswa mabanja. Munthu wongowonkhetsa "ndatumiza" aliyense wa pagulu apeza 450,000. Koma zimene zinafikadi m'manja mwa achemwali ndi 80,000 yawo, 50,000, 80,000 ndi 100,000, zomwe ndi 310,000. Kusiyana kwake ndi 140,000, ndalama imene sinakhalepo n'komwe, koma achemwali angayambe kuyang'anidwa ndi diso lofiira chifukwa cha iyo. N'chifukwa chake musanatumize kanthu pagulu, khalani pansi ndi msungichuma, atsegule mauthenga a ndalama a pafoni pake kapena sitetimenti ya kubanki, mufananize mzere ndi mzere. Mitengo yotumizira ndi yotapira ndalama nayo ilembedwe payokha ngati ilipo, chifukwa timanambala tating'ono totere ndi timene timachititsa kuti masamu akane kutseka. M'chitsanzo chathu ndaisiya kuti tisachulutse.

Mwaona kuti achimwene aakulu sindinawatchule? Iwo sanatumize kalikonse kwa msungichuma. Usiku woyamba analipira galimoto yonyamula thupi, 120,000, kuchokera m'thumba mwawo. Mukangoyang'ana buku la msungichuma aoneka ngati ali ndi ngongole ya 80,000, pomwe zoona zake n'zakuti banja ndi limene lili nawo ngongole ya 40,000. Komabe musathamangire kulemba choncho panokha. Fufuzani ngati banja linavomera kuti ya galimoto iwerengedwe ngati chopereka chawo. Pagulu lathu chivomerezocho chili mu voyisi ya a malume ya Lachitatu. Chikadapanda kupezeka, nkhaniyi ikadapita ku "Zomwe sitinamange" ngati funso.

Ndiye ngongole ili mbali ziwiri: zimene anthu sanapereke ku thumba la banja, ndi zimene thumbalo liyenera kubweza. Pa 310,000 ija, msungichuma analipira bokosi 200,000, ndipo mwini matenti ndi mipando anamupatsa 90,000 pa 145,000 imene anagwirizana. M'manja mwatsala 20,000. Banja liyenera kulipira 55,000 ya matenti ndi 40,000 ya achimwene, pamodzi 95,000. Likatolera 30,000 yotsala ija n'kuphatikiza ndi 20,000, lipeza 50,000. Pakuperewera 45,000.

Nambala yomalizayi muiyese ndi njira ina. Zonse zimene maliro anadya ndi 120,000, 200,000 ndi 145,000, zomwe ndi 465,000. Malonjezo onse anali 420,000. Kusiyana ndi 45,000 yomwe ija. Njira ziwirizi zikapereka mayankho osiyana, pali ndalama imene mwawerenga kawiri kapena mwaidumpha, bwererani.

(Pasikirini: uthenga womaliza ukulembedwa)

Uthenga wotumiza pagulu ukwane pasikirini imodzi. Wathu ukhoza kumveka motere:

"Abale nonse, nazi mwachidule mmene zinthu zilili pofika Lamlungu madzulo, nditafananiza ndi buku la achemwali. Tinagwirizana Lachiwiri kuti mwana aliyense apereke 80,000, ndipo Lachitatu kuti ya galimoto imene analipira achimwene iwerengedwe ngati chopereka chawo. Zolandiridwa ndi 310,000, zolipiridwa 290,000, m'manja muli 20,000. Pa malonjezo patsala 30,000. Tiyenera kulipira 55,000 ya matenti ndi kubweza 40,000 kwa achimwene. Zonse zikalowa, tiperewerabe 45,000, ndipo sitinakambirane kuti ichokera kuti. Amene mwaona cholakwika mundiuze pofika Lachitatu."

Dzina la mwana wachitatu mulibemo, ndipo ndachita dala. Munthu wotsala ndi ndalama muyambe mwamulembera payekha: "Ndikuona 50,000 ya Lolemba, kodi pali ina imene ndaiphonya?" Nthawi zina amakutumizirani risiti yomwe simunaione, mwina anapereka pamanja tsiku loika maliro, ndipo mukadamutchula pagulu mukadachita manyazi ndi inu. Ngati banja linagwirizana kuti mayina onse aziikidwa poyera, aikeni, koma mutamufunsa kaye.

Pokonza zolakwika musadalire kusintha uthenga wakale, chifukwa WhatsApp imalola kusintha uthenga m'mphindi 15 zokha. Tumizani watsopano, mulembe pamwamba kuti ukulowa m'malo mwa wa Lamlungu, kenako muukhome pamwamba pa gulu ndi Pin, musankhe masiku 30. Fayilo ya machezayo musaitumize kwa anthu akunja kwa banja, muli manambala a foni a abale ndi mawu amene anthu analankhula ali pachisoni. Pepala la masamu lokha ndi limene mupatse msungichuma, alisunge pamodzi ndi marisiti mpaka 45,000 ija itapezeka.