Selefi yatuluka bwino, nanga pansi pake mulemba chiyani?

Muli bwanji a ku Ulongwe, a ku Tsangano, ndi inu mukupsa ndi dzuwa mu mzinda wa Tete! Mwadzijambula, chithunzi chatuluka mwakuti nanunso mwadzisirira. Koma chala chaima, mukuopa kuti anthu anena kuti mwayamba matama. Khalani pompo, musasunthe vidiyoyi.

Choyamba, mawu akhale ochepa. Mzere umodzi basi. Mukachulukitsa, Facebook imadula, ndipo palibe amene awononge megabaiti ake kuti awerenge zotsalazo.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima. Kuli bodza lakuti ukafuna kuoneka wodzichepetsa uzidzinyoza. Munthu watchena, waphoda, tsitsi walukitsa dzulo lomweli, kenako n'kulemba kuti "Musandiseke, nkhope yatopa." Yatopa pati, mana? Tonse tikuona kuti mwajambula kakhumi n'kusankhapo chimodzi! Kumeneko si kudzichepetsa ayi, ndi kuwedza. Mwaponya mbedza kuti tibwere tikunyengerereni kuti "ayi, mwakongola." Anthu amazindikira msanga. Mukaona kuti ndemanga zonse zikungotsutsa zimene mwalemba, palibe amene akukamba za chovala kapena malowo, dziwani kuti mbedza yaonekera.

Msuweni wanga anasoketsa diresi ya kapulana ndi ndalama za mbatatesi zomwe anagulitsa yekha. Anadzijambula madzulo pafupi ndi mlatho wa Samora Machel, Zambezi ali kumbuyo. Poyamba analemba kuti "Sindine wokongola koma basi." Ndinamuuza afufute. Kachiwiri anabwera ndi "Ansanje mufa nazo chaka chino." Mayo ine! Amenewo ndiye matama enieniwo, chifukwa walowetsamo anthu ena n'kudziika pamwamba pawo. Ndani anamuputa? Apongozi akawerenga aziganiza kuti akunena iwo.

Tinamaliza ndi iyi: "Diresi iyi ndi mbatatesi zanga za chaka chino. Yandikhala, ndipo ndasangalala." Mwaona? Wanena chimene akunyadira, wanena kumene chachokera, sanatchule mdani. Fumbi ndiwe mwini, paja. Ndemanga zinali zofunsa telala amene anasoka.

Tisanapitirire, dinani Subscribe pansipa. Ambiri mumangoonera n'kuthawa, ndimakuonani!

Chachitatu, kuthokoza Mulungu. Ngati zikuchokera mumtima, lembani kuti "Ambuye andichitira zabwino." Koma vesi lalitali pansi pa chithunzi chotulutsa milomo, abale, sizikugwirizana.

Chachinayi... tinali pachingati kodi? Eya. Musanatumize, werengani mokweza ngati mukuuza azakhali anu pakhonde. Mukachita manyazi pakamwa, sinthani. Ngati mantha akadalipo, yambani kuika pa sitetasi ya WhatsApp, imachoka yokha pakatha maola 24.

Lembani m'ndemanga mawu amene munafufuta musanatumize, ndiwerenga oseketsa kwambiri mu vidiyo yotsatira. Tionana!