Nsinjiro kapena chiponde cha m'botolo?

"Zikomo aulutsi. Ine ndi mayi wa ana awiri, ndikufuna kuchepetsako thupi. Mnzanga anandiuza kuti ndisiye chiponde cha m'sitolo chifukwa amathiramo mafuta ndi shuga, ndizidya nsinjiro, akuti ili ndi mapuloteni ambiri koma mafuta ochepa. Kodi ndi zoona?"

Zikomo mayi potilembera. Mnzanuyo sananame zonse ayi, koma wasakaniza zinthu ziwiri. Ufa wa mtedza ulipo wamitundu iwiri. Pali nsinjiro yongosinja mtedza wathunthu n'kusefa, ndiye pali ufa wa kufakitale womwe amayamba afinya kaye mtedzawo kuchotsa mafuta kenako n'kugaya zotsalazo. Zomwe ananena mnzanuzo ndi za wachiwiriwu.

Nsinjiro yongosinja ndi mtedza basi, palibe chachokamo. Pa magalamu 100 mupeza mapuloteni pafupifupi magalamu 25, mafuta pafupifupi 49, ndipo makalori, omwe ndi muyezo wa mphamvu ya m'chakudya, cha m'ma 570. Inde mayi, theka lake ndi mafuta ngakhale ikuoneka youma ngati ufa, mukapitiriza kusinja muona yokha ikuyamba kumata, mafutawo ndi amenewo akutuluka.

Tsopano tiyerekeze botolo lomwe pa magalamu 100 aliwonse, 90 ndi mtedza, 5 mafuta othira, 5 shuga. Mapuloteni atsika kufika 22 kapena 23 chifukwa mtedza wachepa. Mafuta a mtedza wa magalamu 90 ndi 44, kuphatikiza 5 othira aja tabwerera pa 49 pompaja. Makalori nawo, mtedzawo ukupereka pafupifupi 510, mafuta othira 45 poti galamu imodzi ya mafuta ndi makalori 9, shuga 20 poti galamu yake ndi makalori 4, zonse pamodzi 575. Mwaona? Kusiyana kwake n'kochepa zedi. Chiponde chenicheni chimakwerako mpaka 590 kapena 600 chifukwa mtedza wake ndi wokazinga, madzi anauma.

Ndiye mwina mukudabwa kuti nanga anthu ena amaonda bwanji akasintha. Nkhani ili pa supuni. Chiponde n'cholemera, supuni yaikulu imodzi ndi magalamu 16, makalori pafupifupi 95, ndipo tinene zoona ambirife timatapa yodzaza mpaka kusefukira. Nsinjiro ndi yopepuka, ili ndi mpweya pakati, supuni yomweyo imalemera mwina theka lake. Choncho mukasintha supuni ziwiri za chiponde n'kuika ziwiri za nsinjiro makalori atsikadi kuchoka pa 190 kufika cha m'ma 90, koma mapuloteni nawonso atsika, kuchoka pa magalamu 7 kufika 4. Mwangodya mtedza wochepa basi. Mukamathira nsinjiro ndi dzanja mosayeza ndiye palibe chomwe mwapulumutsa.

Ufa wofinyidwa uja ndi nkhani ina. Wochotsedwa mafuta pafupifupi onse uli ndi mapuloteni cha m'ma 50 pa magalamu 100, mafuta galamu imodzi kapena osafika, makalori pafupifupi 330. Ufa wina sauchotsa mafuta onse, amasiya magalamu 12 kapena kupitirira, nde osangokhulupirira dzina la kutsogolo, tembenuzani paketi muone mzere wa mafuta. Mukapeza 45 kapena 50, imeneyo ndi nsinjiro wamba.

Ine chomwe sindikondwa nacho m'botolomo ndi shugayo, ukulowa m'malo mwa mtedza osabweretsa puloteni olo pang'ono, ndipo kutsekemerako kumakupangitsani kubwereza supuni. Zosakaniza amazilemba kuyambira chochuluka kutsika, ndiye shuga akakhala wachiwiri pamndandanda fufuzani kuti ndi magalamu angati. Mtedza pawokha uli ndi shuga wake wachilengedwe magalamu 4 kapena 5, zopitirira apo n'zothira.

Kalata ina yaifupi, iyi yachokera kwa bambo wina: "Mwana wanga wa zaka zitatu ndi woonda, ndimugulire ufa wochotsa mafuta uja poti uli ndi mapuloteni ambiri?"

Ayi bambo, chonde musatero. Mwana kamimba kake n'kakang'ono, amafunika mphamvu zambiri m'chakudya chochepa, ndipo mphamvuzo zili m'mafuta omwe afinyidwawo. Mukamupatsa magalamu 20 a ufa wofinya apeza makalori 66 okha, pomwe nsinjiro yathunthu yolemera chimodzimodzi imupatsa 114. Kwa iyeyu nsinjiro yathunthu yophikidwa bwino kapena chiponde chopanda shuga ndiye zoyenera, muzisungunula m'chakudya chake, osamupatsa chibuluma pa supuni chifukwa chimatha kumutsamwa. Ndipo mupite naye kusikelo akamuyeze, kuonda kwina kumakhala ndi matenda kumbuyo kwake omwe mtedza sungathetse.