Tebulo lofananitsa katundu wanu ndi wa anzanu: likonzeni kuti wogula athe kulitsimikiza

[Pa sikirini: tebulo la mizere inayi, pamwamba palembedwa "Ife", "Shopu A", "Shopu B"]

Moni nonse abale anga. Tebulo mukulionali ndi la mtundu umene ukuyenda kwambiri pa WhatsApp kuno ku Angonia. Tiyerekeze kuti ndi la munthu wogulitsa zida za sola ku Ulongwe. Mizere yake ndi "batire yamphamvu", "mtengo wabwino", "galanti" ndi "chisamaliro". Pansi pa "Ife" achonga paliponse, pansi pa anzawo athetha paliponse.

Mlimi amene wangogulitsa mbatatesi zake, ndalama zili m'thumba, tebulo ili silimuthandiza. Iye akudziwa kuti amene anachonga ndi mwini shopu yemweyo. Ndiye tilikonza pamodzi, ndipo funso lathu pa kabokosi kalikonse likhala limodzi: kodi wogula angapite kukaona yekha kuti zimenezi n'zoona? Mitengo ndi kukula kwa zida zimene nditchule ndi zachitsanzo chabe, inu mudzaikapo zanu.

[Pa sikirini: mzere wa batire]

Tiyambe ndi batire, chifukwa apa ndi pamene pamabisala chinyengo chambiri, nthawi zina mwini wake osadziwa n'komwe. Mawu akuti "yamphamvu" achoke. Tiwerenge zimene zalembedwa pa chomata cha batireyo. Yathu ndi ya litiyamu, palembedwa LiFePO4, 12.8 V, 30 Ah. Ya Shopu A ndi ya asidi, palembedwa 12 V, 70 Ah. Manambala a Ah paokha sakwanira, chifukwa magetsi amene batire imasunga timawapeza chonchi:

```
V × Ah = Wh
12.8 × 30 = 384 Wh
12 × 70 = 840 Wh
```

Pali chinanso. Batire ya asidi mukamaimwa mpaka kuuma tsiku ndi tsiku imafa msanga, n'chifukwa chake amisiri amalangiza kugwiritsa ntchito theka lokha. Theka la 840 ndi 420. Ya litiyamu imalola kuti mutengemo pafupifupi 80 pa 100 alionse, ndiye pa 384 tipezapo 300 ndi pang'ono.

Komabe wogula safunsa za Wh. Iye amafunsa kuti, "Kodi TV iyaka mpaka nthawi yanji?" Tiyeni timuyankhe. TV ya 30 W ndi mababu anayi a 5 W iliyonse, zonse pamodzi ndi 50 W. Tikagawa 300 uja ndi 50, kenako 420 ndi 50, tipeza kuti batire yathu ipirira maola pafupifupi 6, ya Shopu A maola pafupifupi 8. Mwaona? Pa mzere umene tinadzichonga tokha uja, mnzathu watipambana.

Apa ndi pamene ambiri amafuna kufufuta mzerewo mwakachetechete. Chonde musatero. Wogula wochenjera akafika ku Shopu A adzauzidwa za maola 8 amenewa, ndipo akakumbukira kuti inu munabisa, mizere yanu yonse yotsala adzaikayikira. Koma akaona kuti mwalemba nokha "Ife maola 6, Shopu A maola 8", adzakhulupirira zimene mukunena pa mizere ina ija. Lembaninso pansi pake kuti mwawerengera TV ya 30 W ndi mababu anayi, kuti aliyense athe kubwereza masamuwo.

[Pa sikirini: mzere wa mtengo]

Pa mtengo, fananitsani zinthu zofanana. Ife timagulitsa pa mametikali 18,000, mmisiri n'kudzakumangirani padenga, mawaya ali momwemo. Shopu A imatchula 13,500, koma kumanga ndi mawaya amalipiritsa padera 1,500. Mu tebulo mulowe mtengo wa zida zitamangidwa ndipo zikuyaka: 18,000 ndi 15,000. Funsaninso ngati msonkho wa IVA uli kale mumtengomo mbali zonse. Ndife okwerabe mtengo ndi 3,000, ndipo tilemba choncho.

Ine chimene chimandipweteka mtima ndi kuona munthu akutenga chida chake chapamwamba n'kuchiika pambali pa chida chotsikitsitsa cha mnzake, pamene mnzakeyo ali nacho china chofanana ndi chake. Kumeneko n'kunamiza wogula ngakhale nambala iliyonse ili yoona. Sankhani chida cha mnzanu chimene kasitomala angachiganizire m'malo mwa chanu, ndipo lembani dzina lake lonse monga lilili pa katoni.

[Pa sikirini: mzere wa galanti]

Tsopano tifike pamene ife tili ndi mphamvu. Tebulo lakale linathetha galanti ya Shopu A ngati kuti kulibe, pamene pa lisiti lawo palembedwa miyezi 6 pa batire. Kunena kuti mnzanu alibe chinthu chimene ali nacho ndi bodza, ndipo Mozambique ili ndi lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009, limene limaletsa kutsatsa malonda monyenga. Lembani miyezi: ife 24, iwo 6. Nambala zimenezi zikulankhula mokweza kuposa kuthetha kuja.

Nanga Shopu B? Mwafunsa, mwayang'ana pa kapepala kawo, za galanti simunazipeze. Musathethe. Lembani kuti "sanalembe pa kapepala kawo". Mwina amapereka, inu simunaone chabe.

Mzere wa "chisamaliro" usanduke funso lenileni: chikawonongeka, ndipita nacho kuti? Ngati mmisiri wathu ali ku Ulongwe konkuno, pamene zida za Shopu A zimakakonzedwa ku Tete mumzinda, mtunda wopitirira makilomita 200, wogula wa ku Domwe kapena ku Tsangano adziwerengera yekha ndalama za shapa ndi masiku ogona mumdima. Simufunika kuwonjezerapo mawu okometsera.

[Pa sikirini: tebulo latsopano]

Mwina mukufunsa kuti nanga kukopa wogula kuli pati, popeza tavomera kugonja pa mizere iwiri. Kukopa kuli pa kusanja mizere, ndipo kumeneko ndi ufulu wanu. Yambani ndi galanti ndi malo okonzetsera, kenako maola a magetsi, kenako mtengo. Palibe chimene mwabisa, mwangoyamba ndi zimene mukufuna kuti munthu aziganizire poyamba. Pansi pa tebulo lembani ziganizo ziwiri zomveka: "Ngati mukufuna maola ambiri usiku pa ndalama zochepa lero, Shopu A ikukwanirani. Ngati mumakhala kutali ndi mzinda ndipo mukufuna batire yokhala ndi galanti ya zaka ziwiri, bwerani kwa ife." Ena apitadi kwa mnzanu. Amenewo akanabwera kudzakudandaulirani pa mwezi woyamba kuti TV ikuzima mpira usanathe.

Chotsala ndi tsiku ndi gwero. Pansi penipeni lembani tsiku limene munaona mitengoyo, ndi kumene munaitenga: pa chomata cha batire, pa kapepala kotsatsa, kapena pa pepala la mtengo limene anakupatsani. Jambulani zonsezo musunge m'foni, kuti mwini Shopu A akabwera kudzafunsa mumuonetse. Mukafananitsa ndi shopu ya ku Dedza imene imagulitsa m'makwacha, lembani mtengo wosinthira ndalama umene mwagwiritsa ntchito, chifukwa umasintha kawirikawiri.

Tsikulo likhale mkati mwa chithunzi chenichenicho, osati mu uthenga wotsagana nacho. Anthu akamatumizirana chithunzi m'magulu, uthenga uja nthawi zina umatsalira m'njira, ndipo tebulo la mwezi wa Meyi limapezeka likuyendabe mu Novembala. Mnzanu akatsitsa mtengo kapena akatalikitsa galanti, konzani tebulo sabata yomweyo, muike tsiku latsopano, ndipo lakalelo mulichotse pa khoma la shopu.