Sabata yonyowa kwambiri si imene munaiganiza: tiwerengere limodzi pepala la mvula

[Pa sikilini: chithunzi cha pepala la Januwale, lopindika pakati]

Moni nonse kuchokera kuno ku Mangochi! Taonani pepala ili. Mlimi wina wa ku Namwera amene amaonera tchanelo chino wajambula kaundula wake wa mvula ya Januwale n'kunditumizira, ati ndimuwonkhetsere. Walembanso kuti: "Sabata yoyamba ndiyo inanyowa kwambiri, chifukwa pa 3 kunagwa chimvula cha mamilimita 62." Ambiri mwa inu mukugwedeza mutu kuvomereza. Musachoke, chifukwa yankho limenelo ndi lolakwika, ndipo ndikuonetsani ndi manambala ake omwewa.

Zoyambira tidutsa mothamanga. Choyezera mvula chimawerengedwa kamodzi patsiku, 8 koloko m'mawa, ndipo zimene mwapezazo zimalembedwa pa tsiku ladzulo, popeza maola ambiri mwa 24 aja anali adzulo. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Basi, tiyeni pa ntchito.

Choyamba: koperani manambala kuchoka pa chithunzi. Musawonkhetse mukuyang'ana pa foni, mudzadumpha mzere. Tengani kope, lembani 1 mpaka 31 chotsika, kenako kuzani chithunzicho ndi zala n'kumakopera tsiku limodzilimodzi.

[Kamera iyandikira pa tsiku la 18]

Onani apa. Pepala linapindika pa mzere wa 18 penipeni, kadontho kabisika mu mpindiromo, ndiye 14.5 akuoneka ngati 145. Mungadziwe bwanji? Yang'anani mmene mwini pepala amalembera. Uyu amaika nambala imodzi pambuyo pa kadontho tsiku lililonse: 4.5, 62.0, 3.0. Akanati alembe 145, akanalemba 145.0. Ngati mukukayikabe, muuzeni ajambulenso pepala litayalidwa, foni ili pamwamba pake penipeni, osati chopendeka.

Chachiwiri: zilembo ndi mipata. Pa 7 palembedwa TR, kutanthauza kuti inangowaza, madzi osakwana kuyeza. Powonkhetsa ndi 0. Koma pa 27 ndi 28 palibe chilichonse, ndipo pa 29 pali 16.0. Mpata si ziro, abale anga. Ndinamufunsa, ati anapita kumaliro, ndiye madzi a masiku atatu anawayeza pamodzi. Mu chiwonkhetso cha mwezi 16.0 ameneyu alowa, koma ikani chizindikiro pambali pake, tibwererako.

Chachitatu: wonkhetsani m'magawo a masiku khumi, monga imachitira nthambi yoona za nyengo m'malipoti ake a ulimi. Pa 1 mpaka 10 tapeza 71.0, pa 11 mpaka 20 tapeza 69.5, pa 21 mpaka 31 tapeza 88.0. Mwezi wonse ndi mamilimita 228.5. Bwerezani kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Zikasiyana, mufufuza gawo limodzi lokha, osati mwezi wonse.

Ngati mwafika pano, dinani Subscribe ndi kabelu kaja, chifukwa chimene chikubwerachi ndicho ndakuitanirani.

Chachinayi, sabata yonyowa kwambiri. Apa ndipo mtima umandiwawa, chifukwa cholakwa chomwechi ndachiona pa mapepala a alimi, ngakhale pa ntchito za ana asukulu. Munthu amayang'ana nambala yaikulu, n'kuizunguliza ndi cholembera, n'kunena kuti sabata yake ndi imeneyo. Ena amati achenjerako, amadula mwezi m'masabata: 1 mpaka 7, 8 mpaka 14, n'kumapita. Tiyeni tichite zomwezo tione.

[Pa sikilini: 1–7: 69.5 | 8–14: 12.0 | 15–21: 68.0 | 22–28: 58.0 | 29–31: 21.0]

Mwaona? Sabata yoyamba yapambana, 69.5, ndipo mnzathu wa ku Namwera akuoneka ngati wanena zoona. Koma ndani anauza mitambo kuti iziyamba pa 1, pa 8, pa 15? Mizere imeneyi tajambula ndife. Tsopano taonani masiku awa bwinobwino.

[Pa sikilini: 17: 6.0 | 18: 14.5 | 19: 21.0 | 20: 17.5 | 21: 9.0 | 22: 24.0 | 23: 12.5 | 24: 18.0 | 25: 0]

Uwu ndi mvumbi. Masiku 8 otsatizana, palibe tsiku lofika ngakhale theka la 62, koma palibenso tsiku limene nthaka inapuma. Ndipo mzere wathu wa pakati pa 21 ndi 22 waudula pakati ngati nzimbe, chidutswa china chapita ku sabata yachitatu, china ku yachinayi. N'chifukwa chake unabisika.

Njira yoyenera ndi kusuntha masiku 7 aja tsiku limodzilimodzi. Musaope, simuwonkhetsa chilichonse kuyambira pachiyambi. Mumachotsa tsiku lotsalira kumbuyo n'kuwonjezera lobwera kutsogolo. Tiyambire pa 15 mpaka 21, pomwe tili ndi 68.0. Chotsani za pa 15, zomwe ndi 0, onjezani za pa 22, zomwe ndi 24.0, tafika pa 92.0. Tadutsa kale sabata ya chimvula ija! Sunthaninso: chotsani 0 wa pa 16, onjezani 12.5 wa pa 23, tapeza 104.5. Kenanso: chotsani 6.0 wa pa 17, onjezani 18.0 wa pa 24, ndi 116.5. Kamodzinso: chotsani 14.5, onjezani 0 wa pa 25, tatsikira pa 102.0.

Ndiye sabata yonyowa kwambiri ndi ya pa 18 mpaka 24, mamilimita 116.5. Kupitirira theka la mvula ya mwezi wonse! Sabata ya chimvula cha 62 yatsalira ndi mamilimita 47. Ndipo m'munda kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Chimvula cha tsiku limodzi chambiri chimathamangira kumtsinje, dzuwa la kwathu kuno n'kuumitsa pamwamba. Mvumbi ndi umene umasandutsa munda lowe, madzi kudikha m'mizere, feteleza wobereketsa n'kutsukika, chimanga n'kuyamba chikasu. Mukafuna kudziwa chimene chinavutitsa mbewu zanu, sabata yolakwika ikupatsani chifukwa cholakwika.

M'mwezi wa masiku 31 muli masabata otere 25, ndipo muyenera kuwayenda onse, osangoima pamene nambala yayamba kutsika. Nanga 16.0 uja? Muyeseni pa tsiku lililonse mwa atatuwo. Ngakhale yonse itagwa pa 27, masiku a 21 mpaka 27 akungopereka 83.0, ndiye yankho lathu silikusuntha. Akanalisuntha, mukananena poyera kuti pepala silikukwana kuweruza.

Chachisanu, kwa a Excel kapena Google Sheets. Mitu ili mu mzere woyamba, mvula mu B2 mpaka B32.

```
=SUM(B2:B32)
=SUM(B2:B8)
=MAX(C2:C26)
=COUNT(B2:B32)
```

Yoyambayo ikupatsani chiwonkhetso cha mwezi wonse. Yachiwiriyo muilembe mu C2 n'kuikokera pansi mpaka C26, osapitirira, chifukwa kumunsiko masiku sakwananso 7. Yachitatuyo ikusankhirani chiwonkhetso chachikulu mwa masabata 25 aja. Yomalizayo ndi mlonda wanu. Pa pepala ili iyenera kupereka 28, popeza TR ndi mipata iwiri sizimawerengedwa. Ikapereka 27, pali nambala imene yalowa ngati mawu, mwina mwalemba 14,5 m'malo mwa 14.5, ndipo SUM yaidumpha mwakachetechete.

Chenjezo limodzi. Mvumbi ukayamba pa 28 Januwale n'kupitirira mu Febuluwale, pepala limodzi silingauone wonse, mufunika ndi la mwezi wotsatira. Zimenezo ndi za vidiyo ya Lachisanu. Pakadali pano jambulani mapepala anu, a ku Makanjira, a ku Monkey Bay, a ku Chilipa, munditumizire. Koma chonde, liyaleni kaye pepalalo.